Fumbi lichoke, chipsera chitsale

Achemwali anga amagulitsa nsapato za kaunjika. Kwa zaka zambiri geni yawo idali ya pansi: kuyala saka tsiku la msika, kundandalika nsapato, kenako kukhala pa kampando n'kumaitanira odutsa. Chaka chatha mwana wawo wachisamba adawatsegulira tsamba pa Facebook ndi kuwaonetsa kaikidwe ka zithunzi pa WhatsApp. Lero ena mwa ogula awo ali ku Lilongwe, ena ku Kasungu. Munthu amaona chithunzi, amatumiza ndalama pafoni, nsapato imakwera minibasi pa Mponela. Wogula ndi wogulitsa sadaonanepo nkhope, ndipo nsapatoyo wogula amaigwira koyamba ndalama zitapita kale.

Ine ndidalowamo bwanji? Kumudzi kuno ukakhala mphunzitsi ndiwe wodziwa zonse. Kalata ya kwa amfumu ndi iwe, pepala la kuchipatala ndi iwe, wailesi ikasiya kulankhula ndi iwe. Tsono popeza foni yanga ndi yabwinoko, ntchito yokonza zithunzi za achemwali idagwera ine, madzulo ndikamaliza kuchonga makope a Fomu 3.

Zithunzi zoyambazo mukadaziona mukadaseka. Nsapato ili m'mwamba, yagwidwa ndi dzanja. Kumbuyo kwake kukuoneka ndowa, chingwe cha zovala, theka la nkhuku, ndi phazi la mwana amene ankathawa kusamba. Pansapato pomwe pali fumbi la mu Seputembala, lija limatera pachinthu ukangochipukuta n'kucheuka. Achemwali adati, "Achimwene, anzathu a m'tauni zithunzi zawo zimakhala zoyera ngati za m'sitolo. Tachotsaniko zonsezi."

Ndidachotsadi. Ndipo sabata ino ndikufuna ndikuuzeni mmene ndidawalowetsera m'mavuto, chifukwa ndikuona achinyamata ambiri amene akuyamba malonda pafoni akuyenda njira yomweyo.

Panali nsapato yachimuna yachikopa, yakuda, ya zingwe, yabwino kuposa zonse za m'belo limenelo. Achemwali adaitchula K38,000. Pachithunzi adaigwira chakuchidendene, zala zinayi m'kati, chala chachikulu kunja. Ndidatsegula pulogalamu ina yofufutira zinthu pachithunzi, ndidapaka chala changa padzanja lawo, ndipo m'kuphethira kwa diso dzanja lidazimiririka. Pamalo pake padabwera chikopa chakuda, chosalala, chonyezimira ngati mbali ina yonse. Ndidadzitama mumtima. Tsiku lomwelo mnyamata wina wa ku Lilongwe adaikonda, adati akufuna kuvala paukwati wa mkulu wake Loweruka, adalipira, nsapato idapita.

Lachisanu m'mawa adatumiza zithunzi ziwiri zogundizana. Kumanzere chathu chija. Kumanja nsapato yomweyo ili patebulo pake, ndipo chakuchidendene, penipeni pamene panali chala chachikulu cha achemwali, chikopa chidasupuka malo aakulu ngati ndalama yachitsulo ya K10. Pansi pake adalemba mawu ochepa: "Mayi, pamenepa pachithunzi panu pali chikopa. Chapita kuti?"

Ndidawafunsa achemwali ngati ankadziwa. Adati, "Ine ndinagwira pomwe dzanja linafikira." Sindidalimbane nawo. Munthu amene wagulitsa pamsika zaka khumi, chala chake chimadziwa chokha pokakhala. Koma mlandu waukulu udali wanga. Chithunzi chikadapita ndi dzanja, mnyamata uja akadatha kunena kuti tasunthani chalacho ndione kuseri. Dzanja limabisa, koma limaonekera kuti labisa. Ine ndidachotsa dzanja n'kuikapo chikopa chimene kulibe, ndipo wogula adalibe chifukwa chofunsira. Tidabweza K38,000 yonse, tidalipira ulendo wa nsapato kupita ndi kubwera, ndipo achemwali adakhala sabata yathunthu akunjenjemera kuti zithunzi ziwiri zija ziponyedwa pagulu la ogula.

Kuti mumvetse chimene chidachitika, muyenera kudziwa kuti kufufuta pachithunzi si kufufuta ngati pabolodi. Pabolodi ndikafufuta choko, bolodi limaonekera chifukwa lidalipo kale pansi pake. Chithunzi chilibe pansi. Ndi timadontho ta mitundu tondandalikidwa m'mizere. Pafoni zambiri chithunzi chimakhala ndi timadontho 4,000 mulitali ndi 3,000 mulifupi, tonse pamodzi 12 miliyoni. Pamene panali chala, kamera idalemba chala basi. Za kuseri kwa chalacho sidazione, ndipo palibe pomwe zidasungidwa. Ukalamula kuti chala chichoke, pamatsala dzenje, ndipo pulogalamu imayenera kulikwirira. Ina imabwereka timadontho ta pafupi n'kumatapo, ngati telala wodula chigamba pampendero wa malaya omwewo. Ina, yamakonoyi, imangopeka chimene chimayenera kukhala pamalo otero. Zonse ziwiri n'kulota. Pozungulira chala panali chikopa chosalala, ndiye pulogalamu idalota chikopa chosalala.

Tsono kulota kumeneku nthawi zina kumalondola, nthawi zina kumanama, ndipo mungathe kudziwiratu. Kachitsotso ka fumbi n'kakang'ono, ndipo mbali zonse kazunguliridwa ndi chikopa chimodzimodzi. Pulogalamu ikati pansi pake pali chikopa chomwecho, yanena zoona. Ndowa ya kumbuyo ija ndi yaikulu, koma sili pansapato. Ngakhale khoma limene lalowa m'malo mwake litakhota pang'ono, palibe amene akugula khoma. Dzanja ndiye lili ndi zovuta zonse ziwiri: ndi lalikulu, komanso lakhala pa katundu weniweni amene munthu akulipira. Zinthu zitatu zimene achemwali adazitchula mpweya umodzi, zakumbuyo, fumbi ndi dzanja, si ntchito imodzi ayi.

Kuchokera tsiku limenelo tili ndi lamulo limodzi, ndipo tidalipeza ndi kansanza konyowa. Chilichonse chimene ndikufuna kufufuta pansapato, ndimayamba ndafunsa: kodi nditapukuta ndi kansanza chingachoke? Fumbi limachoka. Kaubweya ka m'belo kamachoka. Chidindo cha chala papolishi chimachoka. Zimenezi wogula sadzazilandira, ndiye kuzichotsa pachithunzi si bodza. Koma kukalika, kusupuka, mng'alu wa pasoli, ulusi wothothoka, banga la mafuta lolowerera, kusuluka kwa mtundu, izi zimakwera nawo minibasi. Zimenezi sindizikhudza. Vuto n'lakuti pachithunzi kachitsotso koyera ka fumbi ndi kabala koyera ka kukalika zimafanana ngati mapasa. Ukakulitsa kwambiri, nthawi zambiri fumbi limaoneka lokhala pamwamba, lobulungira kapena lopotana ngati kaulusi, pomwe kukalika kumakhala kamzere kowongoka, kawirikawiri timizere tiwiri titatu tolowera mbali imodzi. Koma sindidalira maso anga okha. Ndikakayika, ndimaimbira achemwali kuti atenge nsapatoyo apukute pamalopo. Akati sichikuchoka, chimatsala.

Apa wina anena kuti, aphunzitsi, ngati fumbi limachoka ndi kansanza, bwanji osangopukuta musanajambule? Mwakhoza, khalani pansi. Ndi chimene chidanditengera mwezi wathunthu kuti ndichione. Kupukuta nsapato imodzi ndi burashi ndi kansanza kumatenga mphindi ziwiri. Kutola fumbi lomwelo kachitsotso kamodzikamodzi pafoni kumanditengera mphindi khumi ndi zisanu, ndipo achemwali akatsegula belo pamakhala mapeya makumi awiri kapena kuposa. Werengani nokha, muonjezepo batire, poti kuno foni timatchaja pa sola ndipo kukachita mitambo timagawana moto ndi nyali. Ntchito yambiri yoyeretsa chithunzi imachitika chithunzicho chisanajambulidwe.

Choyamba kupukuta si nsapato, ndi galasi la kamera. Foni imakhala m'thumba, m'chitenje, m'manja mwa mwana amene wangodya mandasi. Galasi likachita mafuta chithunzi chonse chimachita chifunga, chakuda chimaoneka chotuwa, ndipo palibe pulogalamu imene ingabwezeretse bwinobwino zimene chifungacho chameza. Kansalu kofewa kouma, masekondi asanu, basi.

Zakumbuyo tidazithetsa ndi pepala. Tidatenga kalendala yakale ikuluikulu n'kuitembenuza, kuseri kwake n'koyera. Mbali ya kumwamba timaimata kukhoma la pakhonde, mbali ya kumunsi imagona patebulo, ndipo pakati sitipinda, timangolisiya likhote lokha ngati uta. Mukapinda pamakhala mzere wa ngodya umene umadula chithunzi pakati. Mukalisiya lokhota, kuseri kwa nsapato kumangooneka koyera kopanda polekezera. Ndowa, nkhuku ndi phazi la mwana zidathera pomwepo, popanda kufufuta kanthu. Tidaphunziranso kuti pepala loyera silikomera nsapato zonse. Kamera ikaona kuyera kwambiri imachepetsa kuwala, ndiye nsapato yakuda imasanduka chimtunda cha makala chosaoneka misoko. Yoyera nayo imasowa malire, osadziwika pomwe nsapato yathera. Kwa ziwirizi timagwiritsa ntchito pepala la khaki, lija lokutira makope, kapena katoni yosalala yopanda malemba. Ndipo musanajambule, gundani ndi chala pansapato pomwe pagalasi la foni, kuti kamera iyeze kuwala ndi kulunjika pamenepo osati papepala.

Za kuwala ndinene mwachidule. Timajambula pamthunzi wa pakhonde, m'mawa dzuwa litakwera pang'ono, kusanayambe kamphepo kotukula fumbi. Padzuwa lenileni polishi amaphulika kuwala ndipo mthunzi umada bii. Tochi ya kamera ndiye mdani: imawalitsa kachitsotso kalikonse pachikopa chakuda, nsapato n'kumaoneka ngati thambo la usiku.

Tsopano dzanja. Achemwali ankagwira nsapato pazifukwa zomveka: kuti iime bwino, kuti ionetse mbali imene akufuna, ndi kuti isabwafuke, poti nsapato ya m'belo imabwera yophwanyika ngati yagonedwa ndi ng'ombe. Zonsezi zili ndi mankhwala ena. Kubwafuka timathetsa pofwinya nyuzipepala zakale m'kati mpaka nsapato itadzuka, koma osadzaza mpaka mapepala kusuzumira kunja. Pofuna kuonetsa soli, timagoneka nsapato imodzi chammbali n'kuitsamiritsa pa inzake. Pofuna kuipendeketsa pang'ono, timaika kamwala kapena kabokosi ka machesi kuseri, komwe kamera siona. Zikwama za amayi, zimene achemwali adayambanso kuoda, timazipachika pa kaulusi kopyapyala komangirira kudenga la khonde. Kaulusi ameneyu amaoneka pachithunzi, inde, koma wadutsa papepala loyera, ndipo kumufufuta n'kosavuta komanso sikunamiza munthu: pansi pa ulusi pali pepala, pulogalamu ikalota pepala yalota zoona. Nzeru yake ndi imeneyo, kusinthanitsa chinthu chachikulu chokhala pakatundu ndi chinthu chaching'ono chokhala pambali.

Zikatero, ntchito ya pafoni imatsala yochepa. Ine ndimagwiritsa ntchito Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google, makamaka chifukwa ukangoitsitsa kamodzi imagwira popanda netiweki, ndipo kuno netiweki timaisaka pachulu. Ndimayenda masitepe atatu, motsatana chomwechi.

Ndimayamba ndi Crop, kudula m'mphepete. Ngati pakona paoneka khoma kapena mwendo wa tebulo, kudula kumaposa kufufuta, chifukwa kudula sikupeka kanthu. N'chifukwa chake pojambula timasiya malo okwanira kuzungulira nsapato, kuti mpeni upeze podutsa. Ndimadula chithunzi kuti mbali zonse zinayi zifanane, poti pamasamba ambiri a malonda tizithunzi tating'ono toyamba kuoneka timakhala totero, ndipo chithunzi chachitali chimadulidwa mphuno kapena chidendene.

Kenako White Balance. Mthunzi wa pakhonde umatha kupatsa chithunzi kamtundu kobiriwira ngati thambo, ndipo khoma la njerwa zootcha limathira kufiira. Nsapato yofiirira ingaoneke yakuda, yakuda ingaoneke ya buluu, ndipo mtundu ndi chinthu china chimene anthu amabwezera katundu. M'chida chimenechi muli kachizindikiro kotolera mtundu. Ukakaika papepala loyera, pulogalamu imakonza chithunzi chonse kuti pepalalo liyeredi. Ngati pansi pali khaki, timaika kapepala koyera pakona pojambula, n'kudzakadula pambuyo pake. Pamenepo ndiye ndimayamba ndi mtundu, kudula kumatsatira. Ndikatha ndimayerekeza ndi nsapato yeniyeni ili m'manja. Ikasiyana, yolakwa ndi foni.

Pomaliza Healing, chofufutira chija. Apa ndi pamene anthu amaonongera. Kachidindo kake sikasintha kukula pagalasi la foni, ndiye chinsinsi n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri mpaka kachitsotso ka fumbi kaoneke ngati njere ya mapira. Ukatero kachidindo kamaphimba malo ochepa a nsapato. Ndiye gunda kamodzi, osakwekweza. Ukakwekweza chala mtunda wautali, pulogalamu imasowa kobwereka ndipo imasiya chipsera chosalala ngati pamene papsa ndi ayironi. Pali malo atatu amene ndimayenda mosamala ngati pamlatho wa mtengo umodzi. M'mphepete mwa nsapato, pomwe chakuda chakumana ndi choyera, chida chimakoka kuyera n'kukulowetsa m'chikopa, nsapato n'kuoneka ngati yalumidwa ndi khoswe. Pamisoko, chimadula ulusi kapena kuubwereza kawiri. Pamalemba a dzina la nsapato ndi nambala, chimasandutsa zilembo phala. Pamalo amenewa fumbi likakhalapo, bola kulisiya kapena kukajambulanso. Ukalakwitsa pali kamuvi kobwerera m'mbuyo. Ine ndimakagunda kawirikawiri kuposa china chilichonse.

Ndisanasunge, ndimakanikiza chala pachithunzi n'kuchigwira pomwepo. Snapseed imaonetsa mmene chidalili poyamba, ukachotsa chala chimabwerera chokonzedwa. Ndimatero katatu kanayi, maso ali pansapato pokha. Chimene chiyenera kuphethira ndi fumbi basi. Ndikaona kuti msoko wasuntha, kapena khwinya la pamphuno lasowa, ndadutsa malire. Ndipo chithunzi choyambirira sindichitaya. Tsiku la mkangano ndi mboni.

Pali kanthu kena kamene kadandizunza ndisanakatulukire. Masiku amene achemwali ajambula okha, ankanditumizira zithunzi pa WhatsApp mwa nthawi zonse. WhatsApp imachepetsa ndi kufinya chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo pofinyapo timadontho tambiri timatayika. Fumbi ndi kukalika zimasanduka timabanga tofanana, ndipo ukakulitsa umangoona timabokosi. Pachithunzi chotero lamulo la kansanza silingagwire, poti sungasiyanitse n'komwe. Tsopano amanditumizira ngati Document, chimene chimafika chathunthu, kapena timadikira tikumane n'kusamutsa pa Bluetooth. Kufinya kuchitike kamodzi kokha, pomaliza, potumiza kwa wogula.

Nanga mapulogalamu aja ochotsa zakumbuyo zonse nthawi imodzi, n'kusiya katundu ali payekha pa mbee? Ndidawayesa, ndipo pa chinthu cha malire osavuta, monga botolo kapena poto, amachita bwino. Pansapato ya zingwe amapunthwa. Amadya nsonga za zingwe, kapena amasiya tizidutswa ta bwalo la pakhomo m'mipata ya pakati pa zingwe. M'mphepete mumatsala kamkombero kofiira, kochokera kudothi kapena kukhungu la dzanja. Pachikopa chonyezimira, dzanja likhoza kuchoka koma chithunzithunzi chake n'kutsala chikuoneka m'polishi, zala zinayi za mzukwa. Komanso amachotsa mthunzi wa pansi, nsapato n'kumaoneka ngati ikuuluka. Diso la munthu, ngakhale sadaphunzire zojambula, limadziwa kuti chinthu cholemera chimakhala ndi mthunzi pomwe chagunda pansi.

Koma chimene chidandidabwitsa si chimenecho. Titaika zithunzi zoyera mbee zija, mafunso a ogula adasintha. M'malo mofunsa mtengo ankafunsa kuti, "Ndi yomweyi, kapena mwangokopera pa intaneti?" Anthu adapsapo kale. Amadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nsapato ya kaunjika yooneka ngati ya m'kabuku ka sitolo ya kunja imawaopsa m'malo mowakopa. Achemwali ankafuna zithunzi ngati za m'tauni, koma zimene zimawagulitsira ndi zapakatikati: pepala looneka kuti ndi pepala, mthunzi weniweni pansi pa soli, ndi kakhadi kakang'ono pambali kolembedwa pamanja dzina la geni yawo. Kakhadiko kamathandizanso kuti wina asabe chithunzi n'kumakagulitsira mphepo.

Ndisaiwale kuti dzanja lija, ngakhale tidalithamangitsa, linkagwira ntchito ina imene sitinkaidziwa: linkauza wogula kukula kwa chinthu. Tidaziona pachikwama. Mayi wina adaona kachikwama kofiirira kali pakokha papepala, adaganiza kuti n'chachikulu cholowa mabuku ndi chitenje. Chidali chongokwana foni ndi mpango. Mwamwayi adafunsa asanalipire. Chinthu chikakhala chokha pachithunzi, palibe choyezera. Kachikwama ka m'manja ndi chikwama cha paulendo zimadzaza galasi la foni mofanana. Tsopano pa zithunzi za katundu aliyense, chimodzi chimakhala ndi rula ya masentimita 30 yogonekedwa pambali, ija ya ana asukulu. Pansapato timayeza m'kati, kuchokera kuchidendene kufika kumphuno, n'kulemba masentimita pansi pa chithunzi. Nambala yokha siyokwanira, chifukwa m'belo limodzi mumabwera nsapato za mayiko osiyanasiyana: yachimuna yolembedwa 8 ya ku Britain imayandikana ndi 42 ya ku Ulaya ndi 9 ya ku America, ndipo opanga ena amaphonyanso pang'ono. Wogula akayeza nsapato imene amavala kale n'kuyerekeza, kubweza kumachepa.

Pamakhalabe masiku amene chithunzi cha dzanja ndi chokhacho chimene chilipo. Achemwali ali kumsika, wina pafoni akufuna kuona nsapato pompano, pepala lili kunyumba. Pamenepo ndidawapempha zinthu ziwiri. Agwire kunsonga kwenikweni, monga pa kalilime ka kuchidendene kapena pazingwe, kuti thupi la nsapato lioneke lonse. Ndipo ajambule kawiri, kachiwiri atagwira pena, kuti pamene padabisika poyamba paonekere. Dzanjalo sindilifufuta. Likakhala kumphepete ndimadulako mkono ndi Crop, zala n'kutsala. Dzanja losamba bwino pachithunzi silidathamangitsepo wogula. Chimene sindichitanso n'kulola foni kundipekera chikopa.

Mwina wina akuti, aphunzitsi mukukulitsa nkhani, aliyense amakometsa malonda ake, ngakhale wa tomato amaika zazikulu pamwamba pa mulu. N'zoona. Koma wa tomato wogula ali pomwepo, amatha kugwetsa mulu n'kuona zapansi. Wa pafoni alibe mulu woti agwetse. Maso ake ndi chithunzi chanu. Ndipo dziwani kuti kutsatsa malonda monamiza si nkhani ya manyazi okha: m'dziko muno muli bungwe la CFTC, loona za chilungamo pamalonda, limene limalandira madandaulo a ogula pa zinthu ngati zimenezi. Kunena zoona, achemwali sadaope bungwe. Adaopa gulu la pa WhatsApp, momwe amayi mazana awiri amatha kumva mbiri yako usanamalize kuphika ndiwo.

Nsapato yakuda ija idabwerako Lolemba, m'jumbo momwe idapitira. Tidaipukuta, tidaifwinya nyuzipepala, tidaiika pa khaki. Tidajambula zithunzi zinayi: chammbali, chakumphuno, soli, ndi chachinayi chapafupi kwambiri, cholunjika pa kusupuka kuja, nsonga ya rula ili pomwepo kuti munthu aone kukula kwake. Pafoni ndidachotsa tizitsotso tisanu ndi kamodzi ta fumbi timene tidatera pamphuno tili m'kati mojambula. Chachinayicho sindidachikhudze n'komwe.

Achemwali adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Ndiye achimwene, tikuitanira anthu kuti adzaone bala?"

Ndidati inde, ndipo mtengo utsike. Tidakangana pang'ono, iwo ati K34,000, ine ndati K30,000, tidakumana pa K32,000. Padapita masiku anayi osafunsa munthu, ndipo masiku onsewo moni wawo kwa ine adali wa m'mphuno. Lachisanu bambo wina wa ku Kasungu adalemba kuti waona pachidendenepo, buluku lake limaphimba, ndipo ali ndi wosoka nsapato amene amadziwa kuthira utoto. Adapempha kuti timuchotsereko K2,000 ya utotowo. Achemwali adandiyang'ana, ndidayang'ana kumbali, ndipo adavomera.

Loweruka lino atsegula belo lina. Andiuza kale kuti ndibwere ndi pepala la khaki latsopano, poti lakale mbuzi idadyako ngodya.